Musanasaine: mmene mungalembere ndondomeko yolandirira katundu

Lole imakonda kufika pa nthawi yoipa. Ndi Lachisanu, nthawi ili cha m'ma 4:30 madzulo, kumwamba kwachita mdima wa mvula, mwini malo wapita kubanki ndipo foni yake sikupezeka. Dalaivala watsika kale, pepala lili m'manja, injini sanazimitse. "Akalaliki, tangosainani apa, ndili ndi kwina kuwiri kokatsitsa." Aganyu ayamba kale kumasula lona. Kalaliki ayang'ana pepala, ayang'ana mtambo, atenga cholembera.

Lolemba m'mawa mabelo a shuga apezeka 117 pamene pepala likunena 120, ndipo makatoni awiri a mafuta ophikira anyowa kunsi. Mwini malo aimbira kampani imene inatumiza katunduyo. Yankho lake ndi lalifupi ndiponso laulemu: munthu wanu anasaina kuti walandira zonse zili bwino.

Ndagwirapo ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ya holoselo ina yaing'ono, yogulitsa kwa eni maokala ndi magolosale, ndipo nkhani ngati imeneyi ndinaiona kangapo. Nthawi zambiri panalibe wakuba. Panali munthu wotopa amene sanauzidwepo bwinobwino zoti achite lole ikafika. Delivale noti, pepala limene dalaivala amabwera nalo, kawirikawiri imakhala ndi mawu pafupi ndi posaina onena kuti katundu walandiridwa yense ndipo ali bwino. Siginecha ikangogwa pamenepo, kuperewera kulikonse kwasanduka kwanu. Ndondomeko yolandirira katundu, imene m'maofesi amaitchula ndi zilembo zitatu zakuti SOP, ntchito yake yaikulu ndi kulamula zimene zichitike pakati pa kuima kwa lole ndi siginecha imeneyo. Zina zonse ndi zotsatira chabe.

Polemba, musayambire pa desiki. Imirirani pakhomo masiku atatu kapena anayi pamene katundu akubwera, mulembe zimene anthu akuchitadi, osati zimene mumaganiza kuti amachita. Mudzaona zodabwitsa. Mudzaona kuti amene amawerenga katundu ndi mlonda chifukwa kalaliki amakhala akugulitsa kutsogolo. Mudzaona kuti aganyu amanyamula thumba kuchoka pa lole n'kukaliponya pamulu wakale, kotero kuti pakatha mphindi khumi palibe angasiyanitse latsopano ndi lakale. Ndondomeko yokopera ku kampani yaikulu, yokamba za makina onyamulira katundu ndi maofesi asanu, siingagwire pamalo pamene ogwira ntchito ndi anayi. Imathera m'dirowa.

Chizindikiro cha ndondomeko yolembedwa bwino chimaonekera pa chiganizo chimodzi. Ambiri amalemba kuti: "Katundu aziyenderedwa mosamala asanalandiridwe." Chiganizo chimenechi n'chokoma m'khutu koma n'chopanda mano. Ayendere ndani? Mosamala ndiye kuti chiyani? Akapeza cholakwika atani? Yerekezani ndi ichi: "Kalaliki atsegula katoni imodzi pa makatoni khumi alionse, awerenga mabotolo, aona zotsekera ndi tsiku lothera ntchito; akapeza imodzi yolakwika, atsegula onse." Apa pali munthu, pali chochita, pali nambala, pali njira yotulukira zikavuta. Mzere uliwonse wa ndondomeko uyenera kupimidwa ndi mafunso anayi amenewa. Ndipo mutchule udindo, osati dzina la munthu, pakuti anthu amachoka ntchito, amadwala, amapita kumaliro. Pomwepo mulembenso amene agwire ntchitoyo kalaliki akachokapo.

Tsono tiyende ndi lole imodzi, yongoyerekeza, kuyambira pachipata mpaka pamulu. Tinene kuti munaitanitsa mabelo 120 a shuga, makatoni 60 a mafuta ophikira ndi matumba 144 a nyemba a makilogalamu 50.

Choyamba chimene ndondomeko inene ndi nthawi. Lembani kuti katundu amalandiridwa kuyambira 7:30 m'mawa mpaka 3:30 masana, kapena maola ena ogwirizana ndi malo anu, ndipo muuziretu onse amene amakutumizirani katundu. Lole yofika mochedwa igone, itsitse mawa, pokhapokha mwini malo atalola yekha. Lamulo limeneli limaoneka louma mtima, koma limachotsa pamutu pa kalaliki katundu wolemera kwambiri, ndiko kukangana ndi dalaivala wamkulu msinkhu amene akumufulumizitsa. Mnyamata wa zaka 22 savutika kunena kuti, "Pepani bambo, si ine, ndi pepala ili pakhomapa," kusiyana ndi kunena kuti iye mwini wakana.

Chingwe cha lona chisanamasulidwe, kalaliki aike mapepala awiri pamodzi: oda imene inu munalemba poitanitsa ndi delivale noti ya dalaivala. Ambiri amadumpha apa, amangoyerekeza katundu ndi pepala la dalaivala. Koma pepala la dalaivala limanena zimene kampani yatumiza, osati zimene inu munapempha. Mwina munaitanitsa mabotolo a lita imodzi, iwo atumiza a malita awiri amene makasitomala anu sagula. Katunduyo akhoza kukwana ndendende malinga ndi delivale noti koma n'kukhala wolakwika yense. Choncho kope la oda iliyonse lizikhala pakhomo lolandirira, mufailo, lole isanafike. Katundu wopanda oda satsitsidwa mpaka mwini malo atayankha.

Apanso ndi pamene ndondomeko iyenera kumanga nkhani ya miyezo. Belo la shuga la mapaketi a kilogalamu imodzi limakhala ndi mapaketi 20. Wina akalemba "shuga 120" osanena kuti ndi mabelo kapena mapaketi, wadzala mkangano. Pa tsamba lomaliza la ndondomeko lembani katundu amene mumalandira kawirikawiri ndi muyezo wake: belo la mapaketi angati, katoni ya mabotolo angati, thumba la makilogalamu angati.

Kenako ayang'ane galimoto yeniyeniyo. Lona yang'ambika? Pansi pa lole panyowa? Pakumveka fungo la dizilo, parafini kapena mankhwala? Shuga, ufa ndi mpunga zimatenga fungo, ndipo sopo amene wayenda ulendo wautali atatsamira matumba a ufa amasiya chizindikiro chimene mayi wophika nsima adzachimva ngakhale inu musanachimve. Ngati galimoto ndi yotseka ndipo yabwera ndi chidindo pachitseko, nambala ya chidindocho ifanane ndi yolembedwa papepala, ndipo chidulidwe kalaliki akuona. Zimenezi zimatenga mphindi zosakwana zisanu.

Tsopano kuwerenga, pamene pagona nkhani. Jambulani ndi penti malo pafupi ndi khomo, muikepo mapaleti kapena matabwa, ndipo ndondomeko inene kuti katundu yense watsopano amayamba waima pamenepo. Palibe thumba lolowa m'kati lisanawerengedwe. Aganyu asanje katundu m'milu yofanana: mabelo a shuga asanu pa mzere, mizere inayi kukwera m'mwamba, ndiye kuti mulu uliwonse ndi 20. Mabelo 120 ayenera kupanga milu isanu ndi umodzi yodzaza. Mulu womaliza ukaperewera atatu, aliyense akuona ndi maso ake, dalaivala yemwe. Kuwerenga katundu ali paphewa la munthu wothamanga n'kumene kumasokoneza. Foni ikangolira, kalaliki sadziwanso ngati anali pa 63 kapena 68. Ena amagwiritsa ntchito timitengo kapena zitsekerero za mabotolo, wonyamula aliyense amaponya chimodzi m'chitini akamadutsa. Njirayi ndi yabwino pothandizira, koma mulu wosanjidwa uli ndi ubwino woti ungathe kuwerengedwanso.

Pali kachenjerero kena kamene ndimakakonda kwambiri. Wowerenga asaone nambala ya pa delivale noti asanamalize kuwerenga. Mutu wa munthu ndi waulesi: ukauzidwa kuti mabelo ndi 120, maso amapeza 120. Choncho kalaliki asunge pepala la dalaivala, ndipo munthu wachiwiri, kaya ndi wothandizira m'sitolo, awerenge n'kulemba nambala yake pa pepala lopanda kanthu. Akatha ndiye ayerekeze. Zikafanana, zili bwino. Zikasiyana, awerengenso onse awiri pamodzi ndi dalaivala, kamodzi kokha, ndipo nambala imeneyo ndiyo ilembedwe.

Kukwana kwa nambala si kukwana kwa katundu. Matumba 144 a nyemba akhoza kukhalapo onse, koma ngati lililonse laperewera kilogalamu imodzi, mwataya makilogalamu 144, pafupifupi matumba atatu athunthu amene mudzalipire osawaona. Kuyeza matumba onse pa sikelo kungadye theka la tsiku. Anthu oyendera mbewu ali ndi lamulo lakale losankhira: matumba akakhala khumi kapena ocheperapo, onani onse, akakhala pakati pa 11 ndi 100, sankhani khumi, akapitirira 100, pezani nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatsani chiwerengero cha matumbawo. Pa 144 nambalayo ndi 12, pakuti 12 kuchulukitsa ndi 12 ndi 144. Kalaliki asavutike ndi masamu pakhomo: mulembereni kale kuti matumba 150 ayeze 13, matumba 200 ayeze 15, matumba 400 ayeze 20.

Koma asankhe ndani, ndipo asankhe ati? Wosankha ndi kalaliki, osati dalaivala kapena wothandiza wake. Ndipo asatenge khumi ndi awiri oyamba kutsika. Wopakira wochenjera amadziwa kuti matumba a kumbuyo kwa lole ndi a pamwamba ndiwo amaonedwa, choncho abwino amaikidwa kumeneko. Ndondomeko inene kuti atenge thumba limodzi pa matumba 12 alionse pamene akutsika, kuti ena achokere pakati ndi pansi penipeni.

Mulembenso malire. Thumba lopanda kanthu lili ndi kulemera kwake pang'ono, ndipo masikelo awiri sagwirizana mpaka pa galamu. Mwini malo agwirizane ndi wogulitsa za malire amene onse avomereza, mwachitsanzo kuti thumba lochepera makilogalamu 49.5 ndi loperewera. Pa matumba 12 oyezedwa, limodzi likaperewera, yezani 12 ena. Awiri kapena kuposa akaperewera, yezani onse 144, ngakhale dalaivala ang'ung'udze, ndipo mulipire molingana ndi makilogalamu amene apezeka.

Apa dalaivala adzanena mawu amene onse amanena: "Sikelo yanuyi ndi yobera." Muyenera kukhala ndi yankho. Masikelo ogwiritsa ntchito pa malonda m'Malawi amayenderedwa ndi bungwe loona za miyezo la MBS, ndipo yanu ikhale yoti inayenderedwa. Kuonjezera apo, m'mawa uliwonse kalaliki aone kuti sikelo ikuyambira pa ziro, kenako aikepo chinthu chimene kulemera kwake kumadziwika. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu chimene munachiyeza chopanda kanthu n'kuthiramo malita 20 oyezedwa bwino chimakuuzani msanga ngati sikelo yayamba misala. Ikhalenso pa simenti yosalala. Sikelo yopendekeka imanama popanda woituma.

Matumba omwewo amene ayezedwa abayidwe ndi chitsulo chotengera mbewu m'thumba, pamwamba, pakati ndi pansi. Kalaliki athire m'mbale zimene zatuluka. Akufuna kuona anankafumbwe amoyo, njere zobooka, ufa wa mbewu yofumbwa, miyala ndi mchenga, nkhungu, komanso kusakaniza mitundu. Anunkhize. Nkhani ya chinyezi ndiyo yobisika kuposa zonse, chifukwa mbewu yosauma imalemera bwino pa sikelo, kenako imapepuka ndi kuchita nkhungu ili m'manja mwanu. Chimanga chosunga chimafunika chinyezi cha pafupifupi 13 pa 100 alionse. Ngati mumagula mbewu kawirikawiri, kachipangizo koyezera chinyezi kadzabweza ndalama zake. Popanda iko pali njira ya mchere imene alangizi amaphunzitsa pa chimanga: thirani mbewu m'botolo lagalasi louma, onjezani mchere wouma bwino, tsekani, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, mbewuyo sinaume. Njirayi siikupatsani nambala, imangokuchenjezani, choncho ndondomeko inene kuti mchere ukamata, katundu aima ndipo mwini malo aitanidwe.

Za makatoni n'zachidule. Yonyowa, yophwanyika pakona, kapena yomatidwa tepi kawiri itsegulidwe nthawi yomweyo. Tepi yachiwiri pamwamba pa ya kufakitale ndi chizindikiro choti wina analowamo. Katoni yopepuka kuposa zinzake wonyamula amaimva, choncho auzeni aganyu kuti akamva yotero anene. Pa otsalawo, imodzi pa khumi alionse, monga tanena kale.

Tsiku lothera ntchito lili ndi msampha wake. Pa katundu pamalembedwa EXP kapena BB kutanthauza tsiku lothera, ndi MFG kutanthauza tsiku lopangidwa, ndipo kalaliki watsopano amatha kusokoneza ziwirizi. Koma funso si lakuti katundu watha kale ntchito kapena ayi. Funso ndi lakuti adzafika kwa wodya nthawi ikadalipo? Ngati makatoni 60 amakutherani m'miyezi iwiri, ndipo mwini okala amene wagula kwa inu amatenga mwezi wina kuti agulitse, katundu wotsala ndi miyezi itatu ndi wokufa kale. Werengani motero pa mtundu uliwonse, mulembe nambala ya miyezi imene simulandira yocheperapo. Kalaliki alembenso nambala ya gulu imene fakitale imadinda pafupi ndi tsikulo, chifukwa tsiku lina kukabwera uthenga woti gulu lakutilakuti libwezedwe, nambalayo ndiyo idzakuuzeni ngati muli nalo.

Tafika pa siginecha. Gawo limeneli la ndondomeko lilembedwe mosasiya mpata, chifukwa ndi pamene anthu amachita manyazi. Pa lole yathu ija tinene kuti shuga wapezeka 117, makatoni awiri a mafuta akudontha, nyemba zili bwino. Kalaliki asakane lole yonse, asasainenso mwakachetechete podalira lonjezo la dalaivala lakuti "atatuwo ndibwera nawo Lachiwiri." Alembe ndi cholembera pa delivale noti yeniyeniyo, pa makope onse, la dalaivala ndi lotsala: "Shuga: talandira mabelo 117, aperewera 3. Mafuta: talandira makatoni 58, awiri odontha tabweza." Aike tsiku ndi nthawi, asaine, dalaivala asainenso pambali pa mawuwo ndi kulemba nambala ya galimoto. Ajambule ndi foni pepalalo ndi makatoni odonthawo lole isanachoke, atumize kwa mwini malo, ndipo tsiku lomwelo uthenga wolembedwa upite kwa wogulitsa. Dalaivala akakana kusaina, kalaliki alembe kuti wakana, mboni isaine, ndipo aimbire ofesi ya wogulitsa galimoto ikadali pomwepo.

Tisamuone dalaivala ngati mdani. Nthawi zambiri iye sanapakire nawo, ndipo katundu akaperewera amaopa kudulidwa malipiro. Ndondomeko yomveka imamutetezanso: akachoka ndi pepala losainidwa pambuyo powerenga pamodzi, palibe angamuimbire Lolemba kumunamizira mabelo amene anasowera m'sitolo mwanu Loweruka.

Katundu wokayikitsa amene sangabwerere pa lole yomweyo akhale ndi ngodya yakeyake, yojambulidwa penti yofiira, ndipo aikidwe chikwangwani chonena tsiku, mwini wake ndi vuto lake. Wopanda chikwangwani amagulitsidwa mwangozi pasanathe sabata. Matumba okhala ndi anankafumbwe asalowe n'komwe m'nyumba, chifukwa tizilomboto sitidziwa malire a penti.

Lole ikapita, kalaliki alembe chikalata cha m'nyumba cholandirira katundu, chimene ambiri amachidziwa kuti GRN. Chikhale m'buku la manambala otsatizana, la makope atatu: lina kwa wolipira, lina limatidwe ku delivale noti, lina litsale m'buku. Mmenemo mulembedwe zimene zalandiridwadi, 117 osati 120. Tsamba likalakwika lisang'ambidwe, lingodulidwa mzere n'kutsala momwemo. Wolipira asatulutse ndalama asanaike pamodzi mapepala atatu, oda, chikalata cholandirira ndi invoisi, n'kuona kuti akunena chimodzi. Invoisi ikanena 120, alipire 117 kapena adikire pepala la wogulitsa lochotsera mtengo wa atatuwo. Pokhapo katundu achoke pamalo a penti kulowa m'kati, alembedwe pa khadi la mulu wake, asanjidwe pa mapaleti motalikirana ndi khoma, wothera msanga akhale kutsogolo.

Pali chimene pepala silingathe. Kalaliki ndi dalaivala akagwirizana kuti asaine 120 pamene atsitsa 110, mizere yonse ija ikhala yotsatidwa bwino papepala. Mankhwala ake ndi kulekanitsa manja: woitanitsa katundu asakhale yemwe akulandira, wolandira asakhale yemwe akulipira. Pamalo a anthu atatu zimenezi n'zovuta, ndikudziwa, makamaka pamene kalaliki ndi mphwake wa mwini malo ndipo kumuwerengera katundu kukuoneka ngati kumunyoza. N'chifukwa chake kuyendera kwadzidzidzi kulembedwe m'ndondomeko momwemo: kamodzi pa sabata, tsiku losadziwika, mwini malo awerenganso katundu mmodzi amene wangolandiridwa. Zikakhala zolembedwa kuyambira pachiyambi, palibe amene anganene kuti akumuganizira.

Zonsezi zikwane pa masamba awiri. Pamwamba pakhale mutu, tsiku limene yayamba kugwira ntchito, nambala yosonyeza kuti ndi kulemba kwachingati, ndi siginecha ya mwini malo. Ilembedwe m'chilankhulo chimene olandira katundu amalankhula. Ngati pakhomo pamamveka Chichewa, Chingerezi cha m'ndondomeko chikutumikira ndani? Ikutidwe ndi pulasitiki, ikhomedwe pakhoma pamene lole imaima, ndipo mukasintha kanthu muchotse yakaleyo tsiku lomwelo.

Musanaikhome, iyeseni. Mupatseni munthu amene sanalandirepo katundu, lole ikafika inu muime pambali mutatseka pakamwa. Paliponse pamene waima n'kukuyang'anani, mzere umenewo ngolakwika, osati munthuyo. Ife titayesa yathu, mtsikana amene tinamupatsa anayenda bwino mpaka pa mzere wonena kuti katundu akaperewera aimbire mwini malo. Anaimba, foni sinapezeke. Anaima ndi pepala m'manja, dalaivala akuliza hutala, n'kutifunsa kuti, "Nanga abwana akapanda kuyankha, nditani?" Tinali tisanaganizeko. Madzulo omwewo tinaonjezera mzere wakuti mwini malo akapanda kupezeka pakatha mphindi 15, kalaliki ali ndi mphamvu zolandira katundu wabwino, kubweza woonongeka ndi kulemba zoperewera payekha, ndipo tinasintha nambala ya pamwamba kuchoka pa 1 kufika pa 2.